Masuku asanu a Chisomo: kulemba kanema wa Sande sukulu wophunzitsa kugawana

Funso: Ndimaphunzitsa Sande sukulu pampingo wathu kuno ku Mufakose mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ana a zaka 4 mpaka 8. Akulu ampingo andipempha kuti ndikonze kakanema kophunzitsa ana kugawana, kokhala ndi nthano yaifupi ndi nyimbo yosavuta, koti titumizire makolo pa WhatsApp. Ndayesa kulemba kawiri koma zikungotuluka ngati ulaliki. Chinanso, ana athu ambiri Chichewa amamva koma amayankha m'Chishona. Ndiyambire pati? (Mayi wa ku Mufakose)

Yankho: Mayi, yambirani pa chinthu chimodzi chimene mwana angachigwire m'manja n'kuchiwerenga. Kugawana ndi mawu aakulu, mwana wa zaka 5 sawaona. Chimene amaona ndi suku, nthochi, banzi, pensulo. Ulaliki umalowa m'sewero pamene wolemba alibe chinthu choonetsa, ndiye amadzaza mpatawo ndi mawu a munthu wamkulu. Mukakhala ndi chinthu m'manja mwa mwana, ndi mwana wina pambali amene alibe, nkhani yayamba kale ngakhale wina asanatsegule pakamwa.

Ine ndasankha masuku, amene anzathu kuno amati mazhanje. Nyengo yake ikafika, chakumapeto kwa chaka pamene mvula ikuyamba, amadzaza pa Mbare Musika ndi m'mbali mwa misewu, ndipo mwana aliyense wa ku Mufakose, Highfield kapena Epworth amawadziwa. Agogo amene anabadwira ku Dedza kapena ku Ntcheu amawadziwanso ndi dzina lakwawo, motero chipatso chimodzi chikugwira mibadwo iwiri. Ndipo ndasankha asanu mwadala. Akanakhala anayi, ana awiri akanangoti awiri awiri, nkhani yatha. Asanu amasiya limodzi pakati, ndipo limodzi lotsalalo ndi limene limakoka maso a ana oonera.

Kanema yense asapitirire mphindi 4: nthano mphindi ziwiri ndi theka, nyimbo mphindi imodzi, funso lomaliza masekondi ochepa. Kutalikako kumathandiza pawiri, ana satopa, komanso makolo samadandaula za data potsitsa. Mawu onse olankhulidwa m'nthano asapitirire 100. Mudzaona ngati achepa kwambiri papepala, koma ana amalankhula pang'onopang'ono, ndipo nthawi yambiri iyenera kupita kwa manja ndi nkhope. Nali sewero lake monga ine ndingalilembere. Osewera ndi atatu okha: Chisomo wa zaka 7, Tinashe mnzake, ndi Agogo.

GAWO LOYAMBA. Panja pa tchalitchi, pabenchi pansi pa mtengo. Agogo atsegula chikwama, atulutsa kathumba.

AGOGO: Chisomo, mdzukulu wanga, ndakugulira ku Mbare.

Chisomo awomba m'manja, alandira ndi manja awiri.

CHISOMO: Zikomo agogo!

Kamera iyandikira pamiyendo pake. Awayala pansalu, awerenga akuloza ndi chala.

CHISOMO: Limodzi. Awiri. Atatu. Anayi. Asanu.

GAWO LACHIWIRI. Tinashe afika akuthamanga, akhala kumapeto kwa benchi.

TINASHE: Mazhanje!

CHISOMO: Agogo amati masuku.

TINASHE: Anga ndaiwala mu kombi.

Chisomo aphimba masuku ndi manja onse awiri, atembenukira kumbali. Atenga limodzi, alikweza kukamwa, ayang'ana Tinashe, alibweza pansalu. Palibe wolankhula kwa masekondi asanu. Kenako ayang'ana kamera.

CHISOMO (chapansipansi): Ndikamupatsa, anga achepa.

GAWO LACHITATU. Agogo ali chikhalire, akutsegula buku la nyimbo.

AGOGO: Chisomo, tsiku lija Yesu anadyetsa khamu la anthu, mikate inali ndi yani?

CHISOMO: Ndi mnyamata.

AGOGO: Inali ingati?

Chisomo ayang'ana pansalu.

CHISOMO: Isanu.

Agogo agwedeza mutu, abwerera ku buku lawo.

GAWO LACHINAYI. Chisomo achotsa manja pang'onopang'ono, asendera kwa Tinashe.

CHISOMO: Lako. Langa. Lako. Langa.

Latsala limodzi. Onse awiri aliyang'ana, kenako ayang'anana.

TINASHE: La agogo.

Anyamuka onse, apereka kwa Agogo ndi manja awiri. Agogo alandira, amwetulira. Onse atatu akudya.

TINASHE: Akutsekemera?

CHISOMO: Kwambiri.

Nyimbo iyamba.

Tsopano ndikufotokozereni chifukwa chimene zina zalembedwa choncho, kuti mukafuna kusintha mudziwe poyenera kukhudza ndi posayenera.

Mtima wa sewero lonse ndi masekondi asanu a chete aja. Aphunzitsi ambiri amawadula chifukwa amaona ngati kanema waima, kapena amaopa kuti akuonetsa mwana womana. Musawadule. Mwana amene akuonera kunyumba anaphimbapo chakudya chake ndi manja, amakudziwa kulemera kwa mphindi imeneyo. Akaona Chisomo akuvutika ngati iye, amayamba kumukhulupirira. Koma Chisomo akangopereka msangamsanga akumwetulira, mwana woonera amati uyu ndi mwana wa m'kanema, si ine, ndipo phunziro limamudutsa. Mawu akuti "anga achepa" ndi oona, ndipo sewero lisawatsutse. Chisomo anali ndi asanu, wadya awiri. Achepadi.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi masewero ambiri amene ndawaonapo m'mipingo. Kawirikawiri mwana akapereka, pakadutsa mphindi imodzi kumabwera amalume ndi thumba lodzaza, kapena mphunzitsi amamupatsa mphoto. Cholinga chimakhala chabwino, makolo athu anati kupatsa n'kuika, koma mwana wamng'ono amamva molunjika. Iye amamva kuti ndikapereka suku limodzi ndilandira khumi lero lomwe. Lolemba akapatsa mnzake maputi kusukulu, wina osamubwezera kanthu, amaona kuti ananamizidwa. Mwambi umenewo ndi wa munthu amene wakhala zaka n'kuona kubwezana kwa moyo, muusungire ana okulirapo. M'sewero lathu chimene Chisomo wapeza ndi kudya pamodzi ndi mnzake ndi agogo ake, ndipo kamera ikuonetsa zimenezo popanda wina kuzitchula.

Nkhani ya mikate isanu imafuna kusamala komweko. Ili m'mabuku onse anayi a Uthenga Wabwino, koma mnyamatayo akutchulidwa pa Yohane 6:9 pokha, pamene Andreya akuuza Yesu kuti pali mnyamata amene ali ndi mikate isanu ya barele ndi tinsomba tiwiri. Lembalo silinena kuti mnyamatayo anathamanga kukapereka yekha, silinenanso kuti mitanga 12 ya makombo anapita nayo kwawo. Nchifukwa chake Agogo akungofunsa kuti mikate inali ndi yani ndipo inali ingati. Mayankho a mafunso awiriwa ali m'lembalo ndendende, ndipo Chisomo akulumikiza yekha isanu ya mnyamata ndi asanu ake. Agogo asalamule kuti "mugawireko mnzako". Akatero, phunziro lasanduka la kumvera akulu, lomwe ndi labwino koma si limene mwapemphedwa. Ngati ana anu sanaimvepo nkhani ya pa Yohane 6, muiphunzitse Lamulungu limodzi kanema asanatumizidwe, chifukwa Agogo akungoikumbutsa, sakuifotokoza.

Onaninso chifukwa chimene Tinashe alibe masuku: waiwala mu kombi. Sindinalembe kuti kwawo n'kosauka. Pampingo aliyense amadziwa banja limene likuvutika, ndipo kanema ameneyu adzayenda m'mafoni a anthu odziwana. Ndinalakwitsapo zimenezi m'sewero la pa Khirisimasi zaka zapitazo: tinapatsa gawo la mwana wopanda chakudya kwa mwana amene kwawo kunalidi njala, chifukwa anali wodziwa kusewera. Anzake anamutchula dzina la m'sewerolo kwa miyezi, mpaka anasiya kubwera. Kuyambira pamenepo, gawo la wosowa ndimapatsa mwana amene aliyense akudziwa kuti sasowa, ndipo chifukwa chosowera chimakhala choti chingagwere aliyense. Ndipo Tinashe ndi amene akunena kuti "la agogo", kuti nayenso aoneke akupereka, asakhale wongolandira.

Za chilankhulo, musalimbane ndi Chishona cha ana. Chiloleni chilowe kamodzi, monga Tinashe wachitira ndi "mazhanje", ndipo Chisomo ayankhe ndi mawu a agogo ake. Umu ndi mmene nyumba zathu zimalankhulira kuno, ana adzazizindikira. Chichewa cha ana m'sewero chikhale cha mawu awiri kapena atatu pa mzere. Mzere wautali perekani kwa Agogo. Mwana akati "ndiri" m'malo mwa "ndili" musamuimitse, m'Chichewa l ndi r sizisintha tanthauzo. Koma pali mawu awiri oti muwayang'anire. Mwana wozolowera Chishona amatchula "Mulungu" ngati "murungu", ndipo kwa womva Chishona ameneyo ndi mzungu kapena bwana wa pantchito. "Ambuye" nawo amamveka pafupi ndi "ambuya", amene m'Chishona ndi agogo aakazi, ndiye m'kanema momwe muli Agogo ana aang'ono angaganize kuti tikuimbira iwowo. Mawuwa ndi oyenera kuwaphunzitsa m'kalasi mofatsa, koma m'nyimbo yoti ifike m'nyumba zambiri ndagwiritsa ntchito dzina la Yesu, limene palibe angalisokoneze.

Nayi nyimboyo. Ndi ya mtsogoleri ndi oyankha, ngati nyimbo za masewera a ana kwathu.

Mtsogoleri: Ndili ndi ziwiri
Onse: Chimodzi ndi chako
Mtsogoleri: Ndili ndi chimodzi
Onse: Tiye tigawane
Mtsogoleri: Wandipatsa ndani?
Onse: Wandipatsa Yesu
Mtsogoleri: Bwera udye nane
Onse: Bwera udye nane

Werengani ndi zala, mzere uliwonse uli ndi maphatikizo asanu ndi limodzi: ndi-li-ndi-zi-wi-ri, chi-mo-dzi-ndi-cha-ko. Kufanana kumeneku ndi kumene kumapangitsa kuti mayimbidwe amodzi akwane mizere yonse, ndipo mwana akadziwa mzere woyamba wadziwa nyimbo yonse. Mukafuna kuwonjezera ndime, sungani muyeso womwewo. "Ndili ndi pensulo, tiye tilembere" ikukwana, ndipo ikuthandiza kuonetsa kuti kugawana si kwa chakudya chokha. Mwana wa zaka 4 amangofunika kudziwa mizere ya oyankha, ndipo iwiri mwa iyo ndi yobwereza mawu amene wangomva kwa mtsogoleri.

Mayimbidwe akhale pakati pa do ndi so, manotsi asanu okha. Ngati muli ndi wa kwaya wodziwa solofa, mupatseni izi: mtsogoleri s s m f s m, oyankha m m r m r d. Phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto ndi limene likokedwe, ziWIri, CHAko, tigaWAne, chifukwa ndi mmene Chichewa chimayendera polankhula. Nyimbo zambiri za ana zimamveka zachilendo chifukwa wina anatenga mayimbidwe a nyimbo ya chilankhulo china n'kukanikiziramo mawu athu, ndiye kukoka kumagwera paphatikizo lomaliza. Njira yoyesera ndi iyi: lankhulani mzerewo mokweza katatu mukuwomba m'manja, kenako muuimbe. Ngati pokoka pasuntha, sinthani nyimbo, osati mawu. Palinso chifukwa china chopangira yanuyanu. Mukadzaika kanemayu pa Facebook kapena YouTube muli nyimbo yojambulidwa ya munthu wina, akhoza kuzimitsa mawu ake kapena kumutsekereza chifukwa cha umwini.

Manja aziimbanso. Pa "ziwiri" akweze zala ziwiri, pa "chimodzi ndi chako" atambasulire dzanja kwa mnzake, pa "tigawane" achite ngati akunyema banzi, pa "Yesu" aloze kumwamba, pa "bwera" akodole. Nyimboyi ikaimbidwa kamodzi imatenga masekondi pafupifupi 20, ndiye muiimbe katatu: koyamba Agogo akutsogolera Chisomo ndi Tinashe, kachiwiri ana ena akulowa, kachitatu Chisomo akutsogolera. Ng'oma imodzi yoimbidwa mofatsa kapena kuwomba m'manja n'kokwanira. Kiyibodi imamiza mawu a ana.

Nyimbo ikatha, inuyo muonekere kwa masekondi khumi ndi funso limodzi lokha: "Iwe uli ndi chiyani chimene ungagawane ndi mnzako sabata ino? Uwauze amayi kapena agogo." Musafotokoze nthano, yadzifotokoza kale.

Pojambula, chimene chimawononga makanema a m'mipingo ndi mawu, osati chithunzi. Musajambule Lamulungu, pamene mipingo yoyandikana yatsegula zokuzira mawu. Loweruka m'mawa, cha m'ma 8 koloko, kumakhala bata ndipo dzuwa limakhala lisanawawe. Popeza nyengo ya masuku ndi ya mvulanso, khalani ndi tsiku lina lapadera, ndipo musathawire m'chipinda cha malata mvula ikugwa, simudzamva kanthu. Wogwira foni aime masitepe awiri okha kuchokera pabenchi, kuwala kuchokere kumbuyo kwake, foni yopingasa kuti kanemayo adzakwanenso pa TV ya kutchalitchi. Foni yachiwiri muibise pabenchi kuseri kwa chikwama cha Agogo, ikujambula mawu okha. Musanayambe gawo lililonse wina awombe m'manja kamodzi patsogolo pa kamera. Kuwombako kumaoneka ngati kansonga pamzere wa mawu m'pulogalamu yodulira kanema, ndipo ndi kumene wolumikiza amagwiritsa ntchito pofananitsa mawu ndi chithunzi. Mafoni onse muwatchaje usiku, magetsi musawadalire m'mawa umenewo.

Musawapatse ana pepala loti akaloweze kunyumba, amabwera akulankhula ngati akunena vesi pamaso pa mpingo. Auzeni nthano kawiri, kenako pojambula munene mzere umodzi, mwana abwereze, mujambule, mupite pa wina. Gawo lililonse mulijambule katatu: kamodzi patali kuti onse aoneke, kamodzi pankhope, kamodzi pamanja ndi masuku. Zithunzi za manjazo ndi zimene zimaphimba podula, mwana akaseka kapena akayang'ana kumbali. Masekondi asanu a chete aja muziwerenga ndi zala kuseri kwa kamera, chifukwa mwana payekha amangodikira awiri. Gulani masuku osachepera 30, ofanana kukula, otsukidwa, chifukwa gawo lachinayi limawadya nthawi iliyonse mukabwereza, ndipo ana ena onse adzafuna kulawa. Samalani ndi njere zake kwa aang'ono kwambiri. Ngati si nyengo yake, nthochi zisanu zigwira ntchito, muchotse mizere iwiri ya mazhanje ija, ndipo musinthe mawu monga "limodzi", "anga" ndi "lako" kuti agwirizane ndi nthochi. Ana a msinkhu umenewu amatopa ola lisanathe, choncho yambani ndi atatu a m'nthano, gulu lonse la nyimbo libwere pambuyo.

Musanajambule mwana aliyense, pezani chilolezo cholembedwa cha kholo kapena womulera, ndipo papepalapo mulembe kumene kanemayo adzapite. Kanema akalowa pa WhatsApp simungamubweze, ena adzamutumiza mpaka ku Lilongwe ndi ku Joni. Mayina enieni a ana, yunifolomu ya sukulu yawo ndi nambala ya nyumba zisaoneke. Kholo likakana, mwanayo akhoza kuimba nawo ali kuseri kwa kamera, mawu ake amveke.

Kanema akadulidwa, musanatumize kwa makolo onse, muonetseni ana atatu amene sanasewere nawo, wa zaka 4, wa 6 ndi wa 8, inu muli chete mukuyang'ana nkhope zawo. Pamene maso awo achoka pafoni, pamenepo pali mawu ochuluka, mudulepo. Kanema akatha muwafunse kuti chinamuvuta Chisomo n'chiyani. Akati "amafuna adye yekha" kapena "amaopa kuti achepa", nthano yafika, ngakhale ayankhe m'Chishona. Akati "amaopa agogo", ndiye kuti Agogo alankhula mwaukali kapena ayang'ana Chisomo motalika, mujambulenso gawo lachitatu maso a Agogo ali pabuku. Nyimbo muiyese tsiku lotsatira: yambani "Ndili ndi ziwiri" mosawachenjeza. Wa zaka 4 akayankha "Chimodzi ndi chako" dzanja litatambasuka, tumizani. Akakakamira pamzere wina, mawu a mzerewo ndi amene muwafewetse, kenako mujambulenso nyimbo yokha.